Anthu Asanu, Maudindo Asanu ndi Awiri

Ndinabwerera kusukulu ndili mayi wa ana awiri. Mayeso a fomu folo ndinali nditalemba kalekale ndili mtsikana, ndipo satifiketi ndinaipeza ndithu, koma masamu ndi bayoloje zinatuluka zowonda ngati nkhuku ya m'chilimwe. Sukulu ya unamwino imene ndinkailota sinandiyankhe n'komwe. Ndiye ndinakhala telala pa Chia, kusoka mayunifolomu a ana a eni, kuwaona akukula, ena mpaka kubweranso kudzayezetsa madiresi a ukwati. Tsiku lina mtsikana wina amene ndinamusokera yunifolomu yake yoyamba anandibaya jekeseni kuchipatala, n'kundiuza kuti, "Musaope mayi, sizipweteka." Zinapweteka, koma osati pamene anabayapo. Sabata yomweyo ndinakalembetsa kusukulu ya masana ija anthu amaitchulabe kuti naiti ngakhale imaweruka dzuwa lili poyera.

Ife obwereza maphunziro awiri okha tinkalowa m'kalasi masiku a maphunziro athuwo basi. Aphunzitsi athu a bayoloje, mayi wamfupi wosakonda kuwononga mawu, anatiuza kuti mitu yathu yachita dzimbiri, ndipo dzimbiri silichoka ndi maola ochepa a m'kalasi. Anati tipange timagulu towerengera limodzi.

Tinapezana anthu asanu ochokera mbali imodzi. Panali ine. Panali mayi wina wachisilamu wogulitsa mpunga m'mbali mwa msewu, wa lilime lakuthwa ngati lumo, amene ankafuna uphunzitsi; ine ndinkamuitana kuti achemwali. Panali mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, katswiri wa masamu amene bayoloje inamukana. Panali msodzi wina wofatsa, wa Sabata, amene ankafuna kukaphunzira zokonza mainjini a maboti. Ndipo panali bambo wina wa imvi, mlimi wa mpunga ndiponso mkulu wa mpingo, amene ankafuna kupita kusukulu ya ubusa koma satifiketi yake inali yosakwanira.

Bamboyu anali atakhalapo wapampando wa chilichonse chimene chili ndi mpando m'dera lathu: komiti ya mjigo, komiti ya sukulu, komiti ya maliro, komiti ya alimi a mpunga. Anthu ankanena kuti akapeza anthu atatu akudikira minibasi, amayamba wafunsa kaye ngati pali wolemba zokambirana. Ndiye tsiku loyamba, titakhala pa timadesiki ta ana m'kalasi ya pulayimale imene tinabwereka, mawondo ali m'mwamba, iwo anaima kutsogolo, n'kutsokomola.

"Abale ndi alongo, gulu lopanda utsogoleri ndi bwato lopanda nkhafi."

Msodzi uja anavomera ndi mutu, poti zinali za bwato. Ndi mmene tinalowera m'madzi.

Masana amenewo tinachita chisankho. Bamboyo anasankhidwa kukhala wapampando popanda wopikisana naye, ndipo kuyambira pamenepo tinkangowatchula kuti a Pampando. Wakabaza anakhala wachiwiri wawo. Ine ndinakhala mlembi chifukwa ati atelala amalemba miyezo bwino. Achemwali a mpunga anakhala msungichuma wa gulu limene linalibe ngakhale choko chake. Msodzi anakhala wosungitsa mwambo. Tonse tinali titakwana, koma a Pampando anaona kuti maudindo awiri atsala opanda eni, ndiye msodzi anawonjezeredwa kukhala wachiwiri kwa mlembi, ndipo wakabaza anakhala mneneri wa gulu, kuti pakabwera atolankhani tisasowe wotilankhulira.

Msonkhano wachiwiri wonse unathera pa kusankha tsiku. Lachisanu achemwali anakana, ndi la Juma. Loweruka msodzi anakana, ndi Sabata. Lamulungu a Pampando ndi ine tinakana. Lolemba ndi Lachitatu tinali m'kalasi. Aliyense ankaona kuti patsala Lachiwiri ndi Lachinayi, koma a Pampando anati nkhani yaikulu chonchi siyenera kuthamangiridwa, ndipo anapereka mwayi kwa membala aliyense kuti apereke maganizo ake. Tinagwirizana Lachiwiri ndi Lachinayi.

Wachitatu unali wa dzina la gulu. Wachinayi unali wa malamulo.

Titayamba kuwerenga kwenikweni, zinkayenda chonchi. Tinkapangana 2 koloko, n'kufika 3 koloko. Tinkatsegula ndi mapemphero awiri, lachikhristu ndi dua, kuti pasakhale wodandaula. A Pampando ankalandira mamembala mmodzimmodzi, ndi maudindo awo onse. Ine ndinkawerenga zokambirana za msonkhano wapita, iwo n'kukonza pamene ndinalemba kuti "anati" m'malo mwa "anatsindika kuti". Kenako zotuluka m'zokambiranazo. Msungichuma ankaitanidwa kuti apereke lipoti, achemwali n'kunena kuti, "Kulibe," ndipo tinkaomba m'manja. Pamenepo azana ya alasiri inkamveka kumzikiti, achemwali n'kutuluka kukaswali, ife n'kuyamba za mtengo wa feteleza powadikira. Foni ya wachiwiri kwa wapampando inkalira, iye n'kunena kuti, "Ndikungomusiya kasitomala pa mlathopa, ndikubwera pompano," n'kubwera fumbi litamuyeretsa nsidze. Wosungitsa mwambo, amene ankakhala atachezera pamadzi, ankasunga mwambo ali mtulo, tsaya lili pa desiki.

Mabuku tinkabwera nawo, ndisaname. Tinkawatsegulanso. Likakhala tsiku la masamu, wakabaza ankapita pa bolodi, n'kuthamanga ndi samuyo ngati akupikisana ndi minibasi, n'kutembenuka: "Mwaona eti?" Ife n'kuvomera kuti taona, n'kukopera. Ndinali ndi kope lodzaza ndi masamu okhoza, osadziwa ngakhale imodzi mmene inakhozekera. Likakhala tsiku la bayoloje, a Pampando ankanena kuti mutu wa lero ndi wofunika kwambiri, n'kufotokoza chifukwa chake uli wofunika, mpaka nthawi ya pemphero lotsekera.

Komatu ndinkapita kunyumba mtima uli mbee. Mwamuna wanga akafunsa, ndinkayankha monyada kuti ndinali ku gulu. Anthu ankatiimika m'njira kutiyamikira. Palibe gulu lina pasukulu ija limene linali ndi malamulo olembedwa.

Mayeso otsekera teremu yoyamba ndiwo anativula. Aphunzitsi a bayoloje anabweza mapepala athu asanu pamodzi, atawagwira ndi zala ziwiri ngati nsomba ya dzana. Anatiuza kuti titsale anzathu akatuluka.

"Inu ndi amene muli ndi gulu lotchuka lija?"

"Ndife, mayi," anatero a Pampando, akukonza jekete. "Ineyo ndine wapa..."

"Mumachita chiyani mukakumana?"

Achemwali a mpunga ndiwo anayankha.

"Timatsegula, mayi. Kenako timatseka."

Aphunzitsiwo sanaseke. Anati gulu si malo okawerengera koyamba. Munthu amawerenga yekha kunyumba, ku gulu amapita kukayesedwa ngati wamva. Anati aliyense azilankhula, aliyense azifunsidwa, ndipo chilichonse chizikhala ndi nthawi yothera. "Mukapanda kutero," anatero akutola chikwama chawo, "bola muzikhala kunyumba n'kumagona. Tulo timathandiza ubongo kuposa komiti."

Mawa lake achemwali anabwera kushopu kwanga, n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

"Ine ndikutuluka m'gululi," anatero. "Masana onse ndimasiya mpunga wanga ndi mlamu wanga amene amayeza mbale yodzaza ngati akupereka sadaka, kuti ndikanene mawu amodzi oti kulibe?"

"Achemwali, mukatuluka inu, ine ndikhala ndi ndani? Tiyeni tilikonze."

"Tilikonze bwanji? Bambo aja ndi msinkhu wa bambo anga. Ndani angawauze kuti khalani pansi?"

Pamenepo ndi pamene panali fupa. Tonse tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula sudula, ngakhale nyumba ikupsa. Umadikira amalize, kenako n'kunena mwaulemu kuti denga lagwa. Ndinapitiriza kupalasa makina. Kenako achemwali anaseka okha.

"Foni," anatero. "Foni sinapite ku chinamwali. Sidziwa wamkulu."

Tinakonza zonse masana omwewo, pa pepala la khaki lodulira madiresi. Kenako tinayamba kampeni. Wakabaza sanavute: anati watopa kulima munda wa anthu anayi, ndipo bayoloje yake palibe amene akumuthandiza. Msodzi anati chilichonse chimene chingamuthandize kukhala maso achilandira.

Lachiwiri lotsatira tinadikira mapemphero, malonje, zokambirana ndi lipoti la msungichuma, mpaka a Pampando anafika pa zina ndi zina. Ndinaimika dzanja.

"A Pampando, ndili ndi ganizo. Ndikupempha kuti maudindo onse athetsedwe."

"Ndikuvomereza ganizolo," anatero achemwali ndisanatseke pakamwa.

A Pampando anavula magalasi. Anati ganizoli silinabwere m'njira yake. Achemwali anawakumbutsa kuti malamulo amene iwo eni anatilembetsa amati ganizo lovomerezedwa liyenera kuvoteredwa. Tinamugwedeza msodzi, anadzuka dzanja lili kale m'mwamba. Anayi kwa mmodzi. Ndiyenera kuwapatsa ulemu wawo bamboyo: ankakonda malamulo kuposa mpando. Analengeza okha kuti ganizo ladutsa, n'kupempha kuti zilembedwe kuti iwo sanagwirizane nalo.

Dongosolo latsopano linali lalifupi moti linakwana pakona ya bolodi. Kuyamba 2 koloko ndi amene alipo, kutha 4 koloko ngakhale nkhani ikoma. Lachiwiri bayoloje, Lachinayi masamu, mutu umodzi patsiku. Pemphero limodzi lalifupi, mosinthana. Mphindi khumi zoyamba, mabuku ali chitsekere, kufunsana za ulendo wapita. Kenako aliyense mphindi khumi zophunzitsa anzake kachigawo kamene anapatsidwa kuti akakonzekere kunyumba, osawerenga m'buku ayi, koma kufotokoza m'Chichewa chake, n'kumaliza ndi mmene angayankhire m'Chingerezi cha pa mayeso. Azana ikamveka, kupuma tonse. Amene ali ndi nkhani ya feteleza aitulutse nthawi imeneyo. Tikabwerera, mafunso a mayeso akale, aliyense payekha mwakachetechete, kenako kufananiza mayankho. Mphindi khumi zomaliza, kubwereza mfundo zikuluzikulu ndi kugawana zigawo za ulendo wotsatira, kuti pasapezeke wonena kuti sanadziwe.

Ntchito zinali zisanu, anthu asanu, ndipo zinkazungulira sabata iliyonse. Wotsogolera, woonetsetsa kuti tikutsata zimene zili pa bolodi ndi kuti wachete nayenso walankhula. Wosunga nthawi, wogwira foni. Wofunsa, wobwera ndi mafunso ndi kupanikiza wophunzitsa aliyense. Wolemba, wolemba mfundo za phunziro, osati za amene anatsindika. Ndi mthenga, wotenga zimene zatikanika tonse n'kupita nazo kwa aphunzitsi, m'malo moti tizikangana ola lathunthu anthu osadziwa okhaokha. Mafoni ena onse ankalowa m'chikwama cha achemwali, chimene palibe mwamuna akanayerekeza kupisamo dzanja.

Foni ya alamu inali ya wakabaza, chifukwa ndiyo inali yokuwa kwambiri. Chimene sanatiuze n'chakuti alamu yake inali kulira kwa mbuzi.

Mutu woyamba unali kayendedwe ka magazi m'thupi. Msodzi anafotokoza za mitsempha akupunthwapunthwa, koma anafika. Achemwali anafotokoza zimene zili m'magazi ngati akutsatsa malonda. A Pampando anapatsidwa mtima weniweniwo, zipinda zake ndi njira ya magazi. Anaimirira, n'kumanga batani la jekete.

"Abale ndi alongo, mtima. Kodi mtima n'chiyani? Makolo athu ankati munthu ndi mtima. Timati uyu ndi wa mtima wabwino, uyu ndi wouma mtima, uyu ndi wa mitima iwiri..."

Anayenda nawo mtimawo kuchokera kwa makolo, kudutsa m'banja, kufika kwa achinyamata a masiku ano. Kunena zoona unali ulaliki wabwino. Atangokweza chala kuti, "Tsono tikabwera ku mtima wa m'bukumu," mbuzi inalira. Meee! Meee!

Sindinaonepo munthu wamkulu atadulidwa pakati pa chiganizo. Chala chinatsala m'mwamba. Wakabaza ankalimbana ndi foni kuti aizimitse, mbuzi ikungolirabe. Wofunsa sabata imeneyo anali msodzi, ndipo poti anali munthu womvera malamulo, anawerenga funso lake mosayang'ana nkhope.

"Bambo, magazi akachoka kumapapo amalowa mbali iti ya mtima?"

"Funso labwino kwambiri," anatero a Pampando. "Mwina tilipereke kwa mamembala."

"Ndi lanu, bambo. Chigawochi ndi chanu."

Kunja ana ankasewera mpira wa mapepala, ndipo tinkamva phazi lililonse. A Pampando anayang'ana pa bolodi, anayang'ana ife. Kenako anatola buku lawo ndi chipewa.

"Ine sindinabwere pano kudzatukwanidwa ndi chiweto," anatero, n'kutuluka.

Tinamva kuti akhazikitsa gulu lawo ndi achinyamata atatu a kumpingo, ndipo kuti kumeneko anali pulezidenti.

Ife anayi tinapitiriza, mmodzi akugwira ntchito ziwiri. Ndipo zinthu zinayamba kulowa. Ndinazindikira kuti kuwerenga ukudziwa kuti Lachiwiri anthu akupanikiza ndi kosiyana ndi kuwerenga kongoyendetsa maso. Ndinkafotokozera makasitomala za impso ndikuwayeza m'chiuno. Wakabaza tinamuletsa kugwira choko pa tsiku la masamu kupatula pa mphindi zake khumi, ankakhala pansi manja atapinda, akuvutika ngati munthu woonerera wina akuyendetsa njinga yake, ndipo ankaloledwa kungofunsa kuti, "Mwachoka bwanji apa kufika apa?" Funso limenelo linandiphunzitsa masamu kuposa kope lonse lija. Msodzi anasiya kugona, chifukwa munthu sugona ukudziwa kuti ikalira mbuzi wotsatira ndiwe. Tsiku lina wakabaza anabwera osakonzekera, akuti makasitomala anachuluka. Sitinamukalipire. Tinamupatsa mphindi zake khumi zonse, ataima kutsogolo, ife tikumuyang'ana. Sanabwerezenso.

Koma ulamuliro ndi matenda opatsirana. Sabata imene achemwali anagwira foni, tinaona zakuda. Ankawerenga mokweza mphindi zotsala. Ukayetsemula ankati zachotsedwa pa nthawi yako. Lachinayi lake msodzi anali pa bolodi ndi masamu aja a zilembo ziwiri zosadziwika, amene anamuzunza kuyambira ali mnyamata. Anali atachulukitsa mzere wapamwamba kuti ufanane ndi wapansi, ndipo nkhope yake inayamba kuwala ngati munthu amene waona gombe.

"Dikirani... ndiye ndikachotsera apa, chilembo ichi chifa, kutsala chimodzi..."

Meee!

"Nthawi yatha, khalani pansi," anatero achemwali.

"Achemwali, mphindi imodzi yokha. Ndatsala pang'ono kumva."

"Mukamvera kunyumba."

Munthu wofatsa uja anaponya choko pansi. "Ndiye tinachotsa a Pampando kuti tiike mbuzi pampando?"

Tinakangana mpaka azana. Popuma, achemwali atabwera koswali mtima utatsika, tinagwirizana kuwonjezera lamulo limodzi: wotsogolera akaona kuti munthu ali pakati pa kumvetsa, osati pakati pa kulalika, atha kuwonjezera mphindi zisanu, kamodzi kokha patsiku, ndipo mphindizo zichotsedwe pa chigawo china kuti 4 koloko ikhalebe 4 koloko. Msodzi anabwerera pa bolodi, napha chilembo chake.

Patapita masabata angapo a Pampando anatulukira kushopu kwanga ndi jekete lija pamkono. Anati thumba lang'ambika. Ndinaliyang'ana: ulusi unali wodulidwa bwinobwino ndi lezala. Ndinawapatsa benchi, n'kuyamba kusoka pang'onopang'ono.

"Gulu lanu likuyenda bwanji, bambo?"

"Likuyenda. Kungoti mamembala awiri akwatirana, ndiye wachitatu wakhumudwa."

Anatembenuza chipewa m'manja.

"Mayi," anatero kenako, mawu atatsika, "ine sukulu ndinaisiya inu musanabadwe. Buku lija ndimalitsegula. Ndimawerenga tsamba lonse mpaka pansi, ndikatseka, m'mutu muli mbee ngati munda wokololedwa. Ndiye pagulu paja ndikanati chiyani? Munthu amene ndimaweruza milandu ya mabanja, ndikaime pamaso pa ana n'kunena kuti sindikudziwa?"

"Bambo, ife tonse paja timanena mawu amenewo Lachiwiri lililonse. Mpaka tinaika munthu wapadera wonyamula kusadziwa kwathu kupita nako kwa aphunzitsi."

Anaseka pang'ono. "Nanga chiweto chija chikadalipo?"

"Chilipo. Chimalirira aliyense."

Ndinakauza anzanga. Achemwali anati abwere, koma asayembekezere kuchotseredwa chigawo chifukwa cha imvi. Tinagwirizana kuti chigawo azilandira ngati aliyense, kungoti chizikhala chaching'ono poyamba, ndipo tsiku loti mawa tikumana azikonzekera ndi mmodzi wa ife. Msodzi anadzipereka, mwina chifukwa funso lija linkamulemerabe. Anawaphunzitsa zimene ifenso tinali titazitulukira: kuwerenga ndime imodzi yokha, kutseka buku, kuinena pakamwa, kenako kutsegula kuona chimene chathawa.

Tsiku limene anabwerera, ntchito imene inawagwera inali yosunga nthawi. Sindinaonepo munthu akusangalala ndi foni chonchija. Ankaiika pa desiki ngati chikho cha mgonero, chala chili chire, ndipo mbuzi ikalirira achemwali ankatseka maso ngati akumva nyimbo ya kwaya.

Pa tsiku lobwereza mitu yakale anapempha okha kuti awapatsenso mtima uja. Anaimirira osamanga batani. Anajambula bokosi la zipinda zinayi pa bolodi.

"Uwu ndi sikimu ya mpunga," anatero. "Ili ndi mapampu awiri ogundana. Magazi otopa ochokera m'thupi amalowa chipinda chapamwamba cha kumanja, n'kutsikira chapansi, pampu ya kumanjayo n'kuwatumiza kumapapo kukatenga mpweya wabwino. Akachoka kumapapo," apa anamuyang'ana msodzi, "amalowa kumanzere, achimwene. Chapamwamba, kenako chapansi. Ndipo chipinda chapansi cha kumanzerechi ndicho chili ndi khoma lochindikala kuposa zonse, chifukwa chimathirira munda wonse mpaka kuchala cha kuphazi. Pakati pa zipinda pali zitseko zotsegukira mbali imodzi, kuti madzi asabwerere m'ngalande."

Anazinenanso m'Chingerezi, mawu ena akuwaluma, koma onse ali m'malo mwake. Wakabaza, amene anali wofunsa, anawaponyera mafunso atatu. Awiri anayankha. Pa funso lachitatu anaima.

"Limenelo sindikudziwa. A mthenga, lembani."

Anakhala pansi nthawi yawo isanathe. Achemwali anayang'ana foni, anayang'ana bamboyo, n'kunena kuti, "Mashallah. Bambo, mwadwala?"

Miyezi yomaliza inagundana ndi kukolola mpunga, ndipo mphepo ya mwera inali itayamba panyanja. A Pampando ankabwera mapesi ali m'tsitsi, achemwali ankabwera akutukwana mavenda a ku Lilongwe, msodzi masiku ena sankapita pamadzi chifukwa cha mphepo ndiye ankabwera atawerenga zigawo za anthu onse. Chimene chinatisunga n'chakuti aliyense ankadziwa kuti ndi maola awiri basi. Munthu ukhoza kusiya munda maola awiri. Tinachepetsa kuphunzitsana, n'kuchulukitsa mapepala a mayeso akale, kulemba motsata nthawi yeniyeni ya mayeso, kenako kusinthana mapepala n'kuchongerana mopanda chisoni.

M'mawa wa pepala la bayoloje tinaima pamzere pamodzi ndi ana a yunifolomu, kunja kukuzizira. Woyang'anira mayeso, kamnyamata ka tayi kochokera sukulu ina, kanafika pa a Pampando n'kuwagwira pamkono mwaulemu.

"Agogo, makolo saloledwa kupitirira apa. Mdzukulu wanu mumudikire kunja kwa mpanda."

Ana onse anaphulika ndi kuseka. Ine ndinadikira ulaliki. A Pampando anapisa m'thumba, anatulutsa chitupa chawo cha mayeso, n'kuchiika pafupi ndi mphuno ya mnyamatayo.

"Mdzukuluyo ndine," anatero. "Ndisecheni msanga, nthawi ikutha."

Zotsatira zitatuluka tinapita limodzi kukaziona kusukulu. Ine ndinapeza zimene ndinkafuna, bayoloje bwino ndithu, masamu mopulumukira pa kabowo ka singano, ndipo chaka chotsatira sukulu ya unamwino inandiyankha. Wakabaza anakhoza zonse ziwiri. Msodzi anakhoza masamu kuposa mmene iye mwini ankayembekezera, moti anapempha aphunzitsi kuti aonenso ngati nambalayo ndi yakedi. A Pampando anakhoza bayoloje, masamu anangodutsa pa mzere, koma zinakwanira kuti satifiketi yawo ikhale yathunthu.

Achemwali a mpunga, amene pa ife tonse ndiwo ankawerengera msanga pamutu, anakhoza bayoloje kuposa tonse, n'kugwa masamu. Anati tsiku la pepalalo anakakamira funso limodzi lovuta, osafuna kulisiya lisanagonje, mpaka anamva woyang'anira akuti "zolembera pansi," masamba awiri asanawatsegule n'komwe.

Pobwerera tinayenda m'mbali mwa msewu, wakabaza akukankha njinga yake kuti asatisiye. A Pampando anatsokomola kangapo, ndipo ndinadziwa kuti mawu achitonthozo akubwera, aatali. Achemwali anawatsogolera.

"Bambo, musayambe. Sindinafe. Ndilembanso chaka chamawa." Anatembenukira kwa msodzi. "Inu achimwene, mapepala akale aja musakulungire usipa. Ndiwafuna onse mawa m'mawa."

Tinafika pamalo pawo pogulitsira, n'kupeza mlamu wawo uja akuthirira kasitomala mpunga wa basera ndi manja awiri. Achemwali anatisiya pamsewu pomwepo osatsanzika, akuthamanga, mpango ukuuluka.